Machaji a ku banki ndi pafoni: mmene amadulira ndi mmene mungawachepetsere

Munthu amene amalandirira malipiro ku banki nthawi zambiri amadziwa chaji imodzi yokha, ija yodula mwezi ndi mwezi, ndipo ndi imene amaidandaula. Koma mukatenga sitetimenti n'kukhala nayo pansi, mupeza kuti ya pamwezi si imene imadya kwambiri. Zimene zimadya ndi timachaji ting'onoting'ono timene timadulidwa ndalama ikangosuntha: kuchoka mu akaunti kupita pafoni, kuchoka pafoni panu kupita pafoni ya mayi kumudzi, kenako kuchoka pafoni ya mayiwo kufika m'manja mwawo kwa ejenti. Ndalama ndi imodzi yomweyo, koma yalipitsidwa katatu isanagule ngakhale paketi ya mchere. Ndiye ntchito yaikulu pochepetsa machaji ndi kuchepetsa maulendo amene ndalama yanu imayenda, osati kuthamangira kusintha banki.

Yambani ndi mapepala awiri

Pepala loyamba ndi sitetimenti ya miyezi itatu yapitayi. Mwezi umodzi sukwanira, chifukwa pali machaji ena amene sabwera mwezi uliwonse, monga a khadi. Sitetimentiyo itengeni pa apu ya banki yanu kapena muitanitse pa imelo, chifukwa yosindikiza pakauntala mabanki ambiri amalipitsa, mwinanso powerengera tsamba lililonse. Ija yaifupi yotuluka pa ATM kapena pa foni ya mabatani imangoonetsa zochitika zochepa zomaliza, ndipo siingakuthandizeni pano.

Lachiwiri ndi mndandanda wa mitengo ya banki yanu. Pa webusaiti ndi m'nthambi amaulemba kuti "Tariff Guide", ndipo m'nthambi zambiri umakhala utamatidwa pakhoma pafupi ndi pokhala anthu oyembekezera. Ujambuleni ndi foni. Chitaninso chimodzimodzi ndi tchati cha mitengo ya Airtel Money kapena TNM Mpamba chimene chimapachikidwa pa kanyumba ka ejenti, koma onetsetsani kuti si chakale chofwifwa ndi dzuwa, pakuti mitengoyi imasinthidwa.

Tsopano tengani cholembera. Pa sitetimenti, chongani mzere uliwonse umene ndalama yachoka koma inu simunagule kanthu kapena kupatsa munthu. Mizere yotereyi imalembedwa m'Chingerezi, mwachidule, monga "Ledger Fee", "Maintenance Fee", "Service Fee", "ATM Fee", "Balance Enquiry", "SMS Alert", "Commission" kapena "VAT". Nthawi zambiri chaji imakhala mzere wapansi pa chinthu chimene mwachita, tsiku lomwelo, ndipo msonkho wake umabwera pa mzere wachitatu. Msonkho wa VAT unayamba kuikidwa pa machaji ena a ku banki mu Novembala 2021, pa mlingo wa K16.50 pa K100 iliyonse, ndipo mlingo wa misonkho umatsatira zimene zadutsa mu bajeti ya boma. Choncho poyerekeza mitengo ya mabanki awiri, funsani ngati mtengo wolembedwawo uli kale ndi msonkho kapena msonkho ukubwera pamwamba. Za pafoni muziwerenge kuchokera m'mauthenga aja obwera mukatumiza kapena kutapa, ngati simunawafufute.

Mukaphatikiza zonse n'kugawa ndi miyezi itatu, mwapeza mtengo weniweni wosungira ndalama zanu pamwezi. Nambala imeneyi ndi imene tikufuna kuitsitsa.

Dziwani kadulidwe kake

Machaji sadulidwa mofanana, ndipo njira yowapewera imadalira kadulidwe kake. Ya pamwezi imadulidwa kaya mwagwiritsa ntchito akauntiyo kaya ayi. Ya pa ATM nthawi zambiri imakhala yokhazikika pa ulendo uliwonse, kaya mwatapa zochepa kaya zambiri. Za pafoni zimayenda m'magulu: kuyambira ndalama zakuti kufika zakuti mtengo ndi umodzi, mukadutsa malirewo ngakhale ndi K1 yokha mwalowa gulu lapamwamba. Ndipo pali zina zimene amadula gawo la ndalama yonseyo, makamaka potapa ndalama zambiri pakauntala kapena potumiza kunja.

Kuti tione bwino, tiyeni titenge mphunzitsi wa pulayimale wokhala pafupi ndi boma la Ntcheu, wolandira K380,000 pamwezi, amene amathandizanso mayi ake kumudzi. Mitengo imene ndigwiritse ntchito ndi yongoyerekezera kuti kawerengedwe kaoneke. Inu muikemo ya pa mndandanda wa banki yanu ndi wa ejenti wanu.

Tinene kuti banki yake imadula K3,000 pamwezi ya akaunti, ndi K1,000 ya mauthenga ndi kugwiritsa ntchito banki pafoni. Pa ATM ya banki yake amadulidwa K600, pa ya banki ina K1,500, ndipo kungoona balansi pa ATM ya banki ina ndi K300. Kukankha ndalama kuchoka ku banki kupita pafoni ndi K500 ulendo uliwonse. Kwa ejenti, kutapa pakati pa K10,001 ndi K20,000 ndi K900, pakati pa K20,001 ndi K40,000 ndi K1,600, pakati pa K40,001 ndi K60,000 ndi K2,100, ndipo pakati pa K60,001 ndi K100,000 ndi K2,600. Kutumizira munthu K40,000 pafoni ndi K600.

Mwezi wake umayenda chonchi. Kumapeto kwa mwezi, poyembekezera malipiro, amayang'ana balansi kanayi pa ATM imene ili pafupi, yomwe si ya banki yake: K1,200 yapita malipiro asanalowe n'komwe. Akalowa, amatapa kanayi pa ATM ya banki yake, K2,400, ndi katatu pa ya banki ina chifukwa mzere unali waufupi, K4,500. Amakankhira ndalama pafoni kasanu ndi kamodzi, pang'onopang'ono, nthawi iliyonse imene wafuna mayunitsi, magetsi kapena kutumizira munthu: K3,000. Kuphatikiza K4,000 ya pamwezi ija, ku banki kokha machaji akwana K15,100. Pafoni, amatumizira mayi K40,000 kawiri, K1,200, ndipo ulendo uliwonse amawonjezera yotapira ya K1,600 kuti mayi alandire yathunthu, K3,200. Iye mwini amatapa K20,000 katatu kwa ejenti wapafupi ndi sukulu, K2,700. Pafoni machaji akwana K7,100.

Zonse pamodzi ndi K22,200 pamwezi, kutanthauza pafupifupi K6 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, kapena K266,400 pachaka. Onani kuti K3,000 imene amaidandaula ija ndi kachigawo kochepa chabe. Zotsalazo zikuchokera pa mmene iye mwini akuyendetsera ndalama.

Kutapa: kochepa, kwambiri, pa makina a banki yanu

Popeza chaji ya pa ATM ndi yokhazikika, kutapa K10,000 pa mtengo wa K600 ndi kulipira K6 pa K100 iliyonse, pamene kutapa K100,000 pa mtengo womwewo ndi matambala 60 okha pa K100. Ndiye malipiro akalowa, khalani pansi mulembe zimene zikufunikadi ndalama yapamanja mwezi umenewo: ndiwo za pamsika, chigayo, kabaza, makala, chopereka cha kutchalitchi. Muzitape kawiri, koyamba malipiro atangolowa, kachiwiri pakati pa mwezi. Sindikunena kuti mutape kamodzi, ngakhale kuti masamu akuloza kumeneko. Ndalama yonse ya mwezi ikakhala m'nyumba imaitana alendo, imaitananso zilakolako zanu zomwe, ndipo K600 imene mwapulumutsa siingafanane ndi K30,000 imene yathera m'zinthu zimene simunakonzekere. Kawiri ndi pakatikati pabwino.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachizindikira. Makina a ATM amatulutsa mapepala owerengeka pa ulendo umodzi, chifukwa kamwa lake lili ndi malire. Ngati makina amatulutsa mapepala 40 ndipo mwaikidwa ma K5,000, mutha kutenga K200,000 kamodzi. Makina omwewo akakhala ndi ma K2,000 okha, ulendo umodzi ukupatsani K80,000, ndipo kuti mufikitse K200,000 muyenera kulowetsa khadi katatu, kulipira chaji katatu. Mukaona kuti makina akukana ndalama imene mumatapa masiku onse n'kukuuzani kuti muchepetse, kawirikawiri ndiye kuti ma K5,000 atha. Ngati pali makina ena pambali, yesani amenewo musanayambe kudula ndalama yanu m'zidutswa. Izi zimachitika kwambiri masiku a malipiro, makina atakamidwa tsiku lonse, choncho amene angathe kudikira tsiku limodzi kapena kupita m'mawa amapeza bwino.

Za ATM ya banki ina zili ndi chifukwa chake. Kuyambira mu 2015 makina a mabanki a m'dziko muno analumikizidwa kudzera ku National Switch, ndipo n'chifukwa chake khadi ya banki imodzi imagwira pa makina a banki ina. Koma mukatero, banki yanu imalipira banki ya eni makinawo, ndipo mtengowo umabwerera kwa inu. Pa makina a eni ake, ngakhale kuona balansi kutha kulipitsidwa, ndipo m'mabanki ena amadula ngakhale pamene makina akana kukupatsani ndalama chifukwa mu akaunti mulibe zokwanira. Balansi muziiona pafoni musanachoke pakhomo. Yang'anani pa mndandanda kuti njira yaulere kapena yotsika mtengo ndi iti pakati pa apu ndi nambala yoimba ija, monga `*626#` ya National Bank of Malawi kapena `*247#` ya Standard Bank. Ngati mumalipira kale mauthenga a pamwezi, palibenso chifukwa choyang'anira ngati malipiro alowa; uthenga ubwera wokha.

Komabe musachite kukwera kabaza wa K1,000 kupita ndi K1,000 kubwerera pofuna kupulumutsa K900. Kwa amene ali kutali ndi nthambi, yerekezani mitengo ya ejenti wa banki yanu, monga Banki Pakhomo ya FDH kapena Bank Pafupi ya NBS, ndi mtengo wokankha ndalama pafoni n'kukatapa kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Njira yoyambayo ndalama imayenda ulendo umodzi, yachiwiriyo maulendo awiri.

Pakauntala pam'kati mwa banki ndi malo otapira ndalama zambiri zimene makina sangatulutse. Mabanki amafuna kuti anthu a ndalama zochepa apite pa ATM, choncho ambiri amaika chaji yokwera kwa munthu wotapa pakauntala ndalama imene akanatha kuitapa panja. Khadi ikatha nthawi kapena ikatayika, musazolowere kulemba silipi mwezi ndi mwezi poopa mtengo wa khadi yatsopano. Werengani kaye, nthawi zambiri maulendo ochepa chabe a pakauntala amaposa mtengo wa khadiyo.

Malire a magulu kwa ejenti

Apa ndi pamene tchati chija mwajambula chimagwira ntchito. Pa mitengo yathu yoyerekezera, kutapa K20,000 ndi K900, koma kutapa K20,500 ndi K1,600. K500 yowonjezerayo mwaigula ndi K700. Musanauze ejenti ndalama imene mukufuna, yang'anani ngati muli pamwamba pang'ono pa malire, ndipo ngati zili choncho tsitsani mufike pa malirepo. Mukakhala kuti mwalowa kale m'gulu ndipo ndalama muli nayo yoti mudzaifuna posachedwa, kwerani mufike kumapeto kwa gululo, popeza K25,000 ndi K40,000 mtengo wake ndi umodzi.

Anthu amakonda kufunsa ngati kugawa ndalama pawiri kumathandiza. Nthawi zambiri sikuthandiza: K80,000 kamodzi ndi K2,600, pamene K40,000 kawiri ndi K3,200. Kumathandiza pokhapokha mwadutsa malire pang'ono. Ngati mukufunadi K41,000 yeniyeni, kutapa kamodzi ndi K2,100, koma K40,000 payokha ndi K1,600, ndipo K1,000 yotsalayo ili m'gulu lapansi la mtengo wochepa kwambiri. Ndi masamu a mphindi imodzi mutaima pamzere.

Ejenti akanena kuti alibe ndalama yapamanja yokwanira ndipo mutape theka lero theka mawa, dziwani kuti chaji mulipira kawiri. Ndi bwino kupita kwa wina. Ndipo chaji yotapira imadulidwa yokha pafoni panu, pamene kuika ndalama pafoni yanu kwa ejenti n'kwaulere. Ejenti wopempha ina yapamanja pamwamba pa imene yadulidwa kale akuchita zosaloledwa, ndipo mutha kumunenera ku kampani ya foniyo potchula nambala yake ya ejenti.

Kutumiza: dumphani sitepe imodzi

Mphunzitsi wathu uja amachotsa ndalama ku banki kuika pafoni yake, kenako kuchoka pafoni yake kupita kwa mayi. Ulendo wapakatiwo ndi wosafunika. Mabanki ambiri amalola kutumiza kuchokera mu akaunti kupita pa nambala iliyonse ya Airtel Money kapena Mpamba, osati yanu yokha. Pa menyu ya banki pafoni, posankha kutumiza ku foni, lembani nambala ya mayi m'malo mwa yanu. Chaji yokankhira mulipira kamodzi, ndipo yotumizira foni ndi foni yatheratu. Chenjezo ndi limodzi: werengani nambalayo kawiri, ndipo ngati dzina la mwini nambala laoneka, litsimikizeni musanalembe nambala yanu yachinsinsi. Ndalama yochokera ku banki ikalowa pa nambala yolakwika, mumayenera kudandaula mbali ziwiri, ku banki ndi ku kampani ya foni, ndipo ngati wolandirayo watapa kale kuibweza kumavuta. Ulendo woyamba tumizani kandalama kochepa, mayi akatsimikiza kuti yafika musunge nambalayo pa apu.

Chachiwiri ndi kutumiza kamodzi m'malo mwa kawiri. Koma apa pafunika kukambirana, chifukwa mwina mumatumiza kawiri dala kuti ndalama isathe msanga. Funsani mwaulemu: "Amayi, kodi ndikatumiza yonse pamodzi mwezi ukangotha, muzitha kuigawa nokha, kapena ndizitumizabe kawiri?" Akasankha kawiri, lolani, chaji imeneyo ikugula mtendere wa pakhomo. Funsaninso kuti ndalamayo imapita kuti. Ngati gawo lina ndi la magetsi, fizi ya mdzukulu kapena mayunitsi, lipirani inuyo mwachindunji kuchokera kumene muli. Tokeni ya ESCOM mutha kuigula pa akaunti yanu n'kuwatumizira manambala ake pa uthenga, ndipo fizi mutha kuiika mu akaunti ya sukulu. Ndalama imene sinasanduke yapamanja siilipira yotapira.

Potumizira munthu amene ali ndi akaunti ya banki, kutumiza m'kati mwa banki imodzi ndi kumene kumakhala kotsika mtengo kwambiri, pena kwaulere. Kupita ku banki ina, kutumiza nokha pafoni kumatsika mtengo kuposa kukalemba fomu m'nthambi, ndipo njira ija imalembedwa kuti "RTGS" muisiyire ndalama zikuluzikulu monga zogulira malo kapena galimoto. Choncho eni nyumba akakupatsani nambala ya akaunti, afunseni ngati ali ndi ina ku banki yanu. Eni nyumba ena ali ndi maakaunti angapo. Pafoni naponso, kutumiza kuchoka pa Airtel Money kupita pa Mpamba kapena kuchoka pa Mpamba kupita pa Airtel Money n'kotheka, koma mtengo wake umalembedwa padera pa tchati, ndiye uoneni musanatumize. Ngati wolandirayo ali ndi masimu awiri, tumizani pa nambala ya netiweki yanu.

Pogula zinthu pali msampha wina wofala m'magolosale ndi m'mahadiweya. Mukanena kuti mulipira pafoni, wogulitsa amakulozerani nambala yolembedwa pakhoma. Nambala zimenezi zili mitundu iwiri. Ina ndi yolipirira katundu, ndipo mtengo wake kwa wogula umakhala wochepa kapena palibe. Ina ndi ya ejenti, kutanthauza kuti makina akuona ngati mukutapa ndalama, ndipo akudulani yotapira yonse ngakhale kuti m'manja mwanu simunafike kalikonse. Mungazindikire poona menyu imene mwalowa: ngati pa `*211#` kapena `*444#` akuuzani kuti musankhe potapira ndalama, ndiye kuti ndi ya ejenti. Funsani kaye: "Achimwene, iyi ndi nambala yolipirira kapena ya ejenti?" Ikakhala ya ejenti ndipo sitoloyo ili ndi makina opalira khadi, palani khadi. Pa makina amenewo amene amalipira chaji kawirikawiri ndi wogulitsa, ndipo sitetimenti yanu ikutsimikizirani ngati banki yanu imadula kanthu mukapala. Mafuta a galimoto, zogula za m'sitolo zazikulu ndi mankhwala a ku famase ndi zinthu zosafunika kutapira ndalama.

Tibwerere kwa mphunzitsi uja atasintha zimenezi. Za pamwezi zikadali K4,000. Akutapa kawiri pa ATM ya banki yake, K1,200. Sakuyang'ananso balansi pa makina a eni. Akukankha ndalama kawiri kokha, kamodzi K80,000 ndi yotapira yake molunjika kwa mayi, kamodzi pafoni yake zokwanira mwezi wonse, K1,000. Yotapira ya mayi ndi K2,600. Tisiyenso ulendo umodzi wadzidzidzi kwa ejenti, K900, pakuti mwezi sulephera kubweretsa zake. Zonse ndi K9,700. Wapulumutsa K12,500 pamwezi, K150,000 pachaka, banki ndi yomweyo, mayi akulandira ndalama yomweyo.

Tsopano ya pamwezi ija

Mwaifikira pomaliza chifukwa tsopano mukudziwa mmene mumagwiritsira ntchito akaunti, ndipo mutha kusankha mtundu woyenera. Akaunti ya macheke imakhala ndi chaji ya pamwezi yokwera kuposa yosungira ndalama, ndipo anthu ambiri olembedwa ntchito anatsegulitsidwa yotereyi pamene ankayamba ntchito koma cheke sanalembepo n'kamodzi komwe. Pali maakaunti ena amene amadula ndalama imodzi yokulirapo pamwezi n'kukupatsani maulendo angapo aulere pa ATM ndi potumiza, ndipo pali ena otsegula pafoni kapena kwa ejenti amene ya pamwezi ndi yochepa kapena palibe koma amadula pa chilichonse chimene mwachita. Wotapa kawiri pamwezi amapindula ndi mtundu wachiwiriwu, pamene wabizinesi wotumiza ndalama tsiku ndi tsiku amapindula ndi uja wodula ndalama imodzi yokulirapo pamwezi. Tengani chiwerengero cha maulendo anu a pamwezi, muchulukitse ndi mitengo ya mtundu uliwonse, muone wotsika.

Mukapita ku nthambi, musafunse kuti "akaunti yabwino ndi iti", chifukwa akuuzani imene akufuna kugulitsa. Funsani zinthu zenizeni. Ya pamwezi ndi zingati pamodzi ndi msonkho? Kodi imachotsedwa ngati mu akaunti mumakhala ndalama yosachepera mlingo wakuti, ndipo mlingowo amauyang'ana tsiku lililonse kapena kumapeto kwa mwezi? Funso lachiwirili ndi lofunika, chifukwa ngati amayang'ana tsiku lililonse, kutsika pansi pa mlingo tsiku limodzi lokha kumabweretsa chaji ya mwezi wonse, pena ndi chindapusa pamwamba. Funsaninso malire a ndalama imene akauntiyo imaloledwa kusunga kapena kulandira, pakuti maakaunti otsika mtengo aja amakhala ndi malire, ndipo sizingakhale bwino kuti malipiro kapena ndalama ya fodya ibwezedwe chifukwa yadutsa mlingo. Ngati muli ndi ngongole ku bankiyo yodulidwa pa malipiro, afunseni ngati kusintha mtundu wa akaunti kusintha nambala yake, kuti mukadziwitse akuntchito nthawi ikadalipo.

Yang'ananinso tinthu tolembetsa timene timadulidwa mwezi ndi mwezi pambali: mauthenga, banki ya pa intaneti, inshulansi ya maliro imene munasainira tsiku lotsegula akaunti. Chimene simuchigwiritsa ntchito chiletseni polemba kalata, ndipo kope lake lidindidwe mulisunge. Mauthenga okha ndingakulangizeni kuti muwasiye. Ndi amene amakudziwitsani msanga munthu akalowa mu akaunti yanu, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene amateteza.

Ngati munalamula banki kuti izidula yokha ndalama ya lendi, ya inshulansi kapena ya ku SACCO pa tsiku lakuti, ikani tsikulo patapita masiku angapo kuchokera pamene malipiro amalowa. Malipiro akachedwa, tsiku n'kukwana mu akaunti mulibe kanthu, banki imadula chindapusa cha kulephera kwa malipirowo, ndipo chindapusa chimenechi chimakhala chachikulu kuposa machaji ena onse amene takambawa.

Chomaliza pa za pamwezi ndi akaunti yoiwalika. Munthu akasintha ntchito amatsegula akaunti ina, yakale ija n'kungoisiya muli K15,000 poganiza kuti ikusungika. Chaji ya pamwezi itha kupitirirabe kudulidwa. Pa K3,000 pamwezi, miyezi isanu yokha ndalamayo yatha, ndipo m'mabanki ena chaji imapitiriza kuunjikana ngati ngongole, moti tsiku limene wina adzakutumizirani ndalama kumeneko banki imayamba yatenga zake. Akaunti imene simukuifuna pitani mukaitseke ndi kalata, mutenge chiphaso chanu cha unzika, mubweze khadi, ndipo mupemphe umboni wolembedwa wakuti yatsekedwa ilibe ngongole. Funsani ngati pali chaji yotsekera musanasaine.

Akakudulani molakwika

Mukamawerenga sitetimenti mutha kupeza chaji imodzi yadulidwa kawiri, kapena mtengo wosiyana ndi wa pa mndandanda, kapena ATM imene inadula ndalama koma osatulutsa. Pa za ATM, sungani kapepala kotuluka pamakina ngati katuluka, lembani tsiku, nthawi ndi malo a makinawo, ndipo dandaulo mukalipereke ku banki yanu ngakhale makinawo atakhala a banki ina, chifukwa ndi banki yanu imene imalondola ndalamayo. Ikabwezedwa, onetsetsani kuti chaji ndi msonkho wake zabwezedwanso, pakuti nthawi zina imabwerera ndalama yokhayo, timizere tiwiri tapansi tija n'kutsala.

Dandaulo lililonse likhale lolembedwa, lotchula tsiku, ndalama ndi mzere wa pa sitetimenti, ndipo mupemphe nambala yolondolera dandaulolo. Banki kapena kampani ya foni ikapanda kukuyankhani, kapena yankho lake likapanda kugwirizana ndi mndandanda wake womwe wa mitengo, nkhaniyo mutha kuipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi njira zolipirira ndipo imalandira madandaulo a anthu. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, choncho tengani kope la kalata yanu yodindidwa, yankho lawo ngati lilipo, ndi tsamba la sitetimenti limene mwachongapo mzere wolakwikawo.